Maphunziro a mavolontiya ku Jali: tichite zotani m'malo mongowalalikira?

Mlangizi wa ku Jali: Akuluakulu, ndili ndi mavolontiya 24 ndipo nthawi ndi maola atatu okha. Nkhani ndi kusamba m'manja ndi kusamala madzi akumwa mvula isanayambe. Zoti azisamba ndi sopo amazidziwa kale, koma pa nsima onse amasambirabe m'beseni limodzi. Ndiwachititse chiyani kuti adzionere okha?

Mayi wa zaumoyo, Likangala: Bambo, yambani ndi makala. Sinjani makala, musefe, musakanize ndi timafuta tophikira, theka la supuni yaing'ono pa munthu. Onse apake m'manja, kenako muwagawe m'magulu atatu a anthu 8. Gulu loyamba lisambire m'beseni limodzi motsatizana, lachiwiri lithirirane madzi okha ndi jagi, lachitatu lithirirane ndi sopo kwa masekondi 20. Aliyense apukutire pa kansalu kake koyera, muziyanike pamzere. Inu musafotokoze kanthu, mungofunsa womaliza wa pabeseni uja ngati angadye nsima ndi manja amenewo. Koma mafuta musachulutse, chifukwa akachuluka ngakhale a sopo nsalu zawo zimada, phunziro n'kuwonongeka. Yeserani nokha dzulo lake.

Achimwene a ku Chingale: Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito phulusa? Kumudzi sopo ndi wodula, ndipo phulusa limatsuka chimodzimodzi.

Mayi wa zaumoyo, Likangala: Phulusa ndi lothandiza sopo akasowa, koma kunena kuti n'chimodzimodzi ayi. Pa sewero ili lisokonezanso, poti nalo limadetsa nsalu.

Mkulu wa ku Kachulu: Pa madzi chitani izi. Ikani makapu awiri a madzi oyera mbee, ina musungunuliremo mchere mobisa. Asankhe ndi maso yabwino, kenako alawe. Akatero sanganenenso kuti madzi a pachitsime ndi abwino poti akuwala. Mukatha apo, wina wa manja amakala atunge m'ndowa ndi kapu yopanda chogwirira, aone madzi akuda. Apo ndi pomwe makapu awiri amamveka: yotungira ya chogwirira, ina yomwera.

Wotagadi athire okha, kachitsekero kamodzi pa malita 20, tiwiri ngati madzi ndi amatope, koma ayambe awasefa ndi nsalu yoyera. Athire musanapite kopuma kuti mphindi 30 zodikira zikwanire, pobwera amwe. Bweretsaninso ndowa ya malita 10 ndipo musawauze muyeso wa mankhwala wake. Ambiri athiramo kachitsekero kodzaza, fungo n'kukula, ndipo fungo limeneli ndi lomwe limachititsa mabanja kusiya mankhwala.

Achimwene a ku Chingale: Za phulusa sindinakhutire, poti kwathu kuno makomo ambiri sopo amasungira kuchapa. Nanga mpondagiya alowa pati?

Mlangizi wa ku Jali: Ola lomaliza, gulu lililonse lipange wake ndi kachigubu ka malita 5, mitengo ndi chingwe. Koma kabowo tiziboola pati kuti madzi asathe msanga?

Mkulu wa ku Kachulu: Chakumtunda, pafupi ndi chitsekero, ndi msomali waung'ono wootcha pamoto. Msomali waukulu umathetsa madzi anthu ochepa atangosamba.