Waya wa 2.5 wapezeka wafeki, marolo awiri ndakoka kale m'mapaipi, ndalama ndiibweza bwanji

Bambo a Tadala
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndinagula marolo 6 a waya wa magetsi wa 2.5 pa shopu ina yake ku Limbe, K95,000 rolo imodzi, yonse K570,000 ndalama ya mwini nyumba. Awiri ndakoka kale m'mapaipi, ndiye dzulo ndikumanga soketi waya wangothyoka pa sikuluwu, nditapala ndi mpeni mkati mwake muli mbee, kopa ndi wongopaka pamwamba basi. Ndawaimbira akuti katundu akatuluka sabwezedwa zinalembedwa pakhoma. Lisiti ndi yolemba pamanja, ndinalipira pa foni. Mwini nyumba sanadziwebe

Che Jafali
Pa foni? ndiye imbani msanga kukampani ya foniyo aibweze achimwene, musachedwe

Nachisale
Ayi Che Jafali, zobweza zija ndi za munthu amene waphonya nambala. Apa ndalama inapita kwa mwini wake ndipo katundu anatuluka, sangalowelere. Koma meseji ija musafufute bambo a Tadala, muli tsiku, ndalama ndi dzina la amene analandira. Dzinalo ndi la shopu kapena la mnyamata wogulitsa?

Bambo a Tadala
La munthu asisi, koma ndi mwini shopu yemweyo. Pa lisiti pali chidindo, analemba 2.5 marolo 6 basi

Madala Phiri
Mwana wanga choyamba siya kukoka. Marolo 4 otsalawo usawachotse mu pulasitiki, malebulo asachoke, chifukwa mawu oyamba amene akanene ndi akuti waya ameneyu si wathu mwagula kwina. Chachiwiri usapite ndi nkhani ya mpeni yokha, pita ndi manambala. Waya wa kopa wa 2.5 wa mamita 100, kutanthauza rolo imodzi, umawerenga pafupifupi 0.74 pa maomu, wa aluminiyamu wa saizi yomweyo umafika cha mma 1.2. Vuto mamita athu oyezera magetsi otchipawa pa nambala zazing'ono amanama, zingwe zake zokha zimadya 0.2 kapena 0.3, ndiye boola pulasitiki pang'ono utulutse nsonga, ulumikize marolo onse 4 motsatana nkuyeza kamodzi. Kopa akupatsa cha mma 3, wopakayo apitilira 4. Kenako ika rolo pa sikelo, kopa yekha mu rolo yeniyeni ndi makilo 2.2, ndi chikopa chake imafika cha mma 3, yafekiyo imasewera cha pa kilo ndi hafu. Zonsezi ujambule vidiyo lebulo ikuoneka.

Yamie wa Solar
Ine ndimangoyatsa laita, wafeki umafota nkugwa pomwepo, kopa amangofiira ali chilili. Komanso yesani maginito

Madala Phiri
Laita ndi zoona. Maginito imagwira wachitsulo wokha, aluminiyamu sakakamira ndiye ikhoza kukunamiza kuti waya ndi wabwino

Chikondi M
Koma mabwana osangouika ku magetsi owunikira bwanji, mababu a masiku ano sakoka moto wambiri. Kusiyana ndi kuluza zonse

Nachisale
Chikondi funso si limenelo, komanso ayi. Aluminiyamu pa sikuluwu amaphwanyika nkumasuka pang'onopang'ono, pomasukapo ndi pamene pamatentha, ndipo mawa wina adzalumikizapo ayironi iwe kulibe. Nyumba ikapsa sadzafunsa shopu, adzafunsa amene anawayaringa, laisensi ya MERA ndi yako. Awiri okokawo atuluke basi

Bambo a Tadala
Ndayeza madala. Anayi pamodzi 4.7, rolo imodzi pa sikelo ya mayi wa nyemba 1.6. Mutu ukundiwawa. Ndipite ku polisi kapena ku MBS?

Madala Phiri
Usanapite kulikonse uza mwini nyumba lero lomwe, umuonetse vidiyoyo, akamva kwa ena aziti munagawana ndi a shopu. Ukatero lemba kalata, osati kukalalata pa kauntala. Tsamba limodzi lokwana: tsiku logula, marolo 6, K570,000, zimene wapeza poyeza, ndipo kuti ukufuna ndalama yonse pasanathe masiku 7 apo ayi nkhani ipita ku CFTC ndi ku MBS. Makope awiri, imodzi asainire kuti alandira, akakana kusaina ukhale ndi mboni komanso uwatumizire chithunzi chake pa WhatsApp. Lisiti yeniyeni isachoke mmanja mwako, aliyense umpatse fotokope.

Tsono maofesiwa ntchito zawo ndi zosiyana, ambiri timasokoneza. MBS amayeza katundu ngati akukwana muyezo, akhoza kukalanda wotsala mu shopu, koma si iwo okubwezera ndalama, ndipo ukafuna lipoti lako la kulabu pamakhala kolipira, ufunse mtengo kaye. Nkhani ya ndalama ndi CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Lamulo lawo latsopano la 2024 linawapatsa mphamvu yolamula okha kuti wogula abwezeredwe ndalama komanso kulipiritsa chindapusa. Kudandaula kumeneko ndi kwaulere, umapereka dandaulo lolemba ndi mafotokope aja. Chikwangwani cha pakhomacho chisakuopseze, wogulitsa sangadzichotsere udindo pa katundu wolakwika pongomata pepala, ukachijambulenso chimenecho ukaphatikize.

Che Jafali
Madala zonsezo nzabwino koma zimatenga miyezi, saiti iyima? Ine anandigulitsa mabuleka afeki chaka chatha, sankadula magetsi olo ugunditse waya dala, ndinangopita ndi wapolisi mmodzi tsiku lomwelo anandisinthira ena. Anthuwa amaopa yunifomu

Nachisale
Inu munali ndi mwayi. Kupolisi akaona lisiti ndi katundu nthawi zambiri amati iyi ndi nkhani ya malonda pitani kukhoti, kuti ukhale mlandu wakuba mwachinyengo mpaka zioneke kuti wogulitsayo ankadziwa. Mwina nayenso anapusitsidwa ndi amene anamuoda. Komanso zosinthitsazo ine ayi, akupatsani a katoni yomweyo. Ngati mukuvomera kusintha muyeze pa kauntala pomwepo musananyamule

Yamie wa Solar
Funso langa, CFTC imathandiza ogula wamba, nanga ife ogulira ntchito amatiwerenga ngati ogula? lisiti ili mdzina la ndani?

Bambo a Tadala
Sanalembe dzina lililonse, koma nambala yolipira ndi yanga

Madala Phiri
Ndiye musaine awiri ndi mwini nyumba, iye ngati mwini ndalama iwe ngati wogula ndi woyeza. Zikakanika kumeneko kwatsala khoti la majisitireti, ukasumire ndalamayo, ndipo kalata ya masiku 7 ija ndi imene ikaonetse kuti unayesa kukambirana.

Chikondi M
Nanga awiri odulidwa kale aja abweza? ndi leba yosolola alipira ndani

Nachisale
Pa kalata alembe onse 6, feki yaoneka chifukwa choudula, akanadziwa bwanji uli mu pulasitiki. Zidutswa zonse azisunge mu thumba. Leba yokhayo ndikukaika, a shopu sangavomere mwaufulu, mwina kukhoti

Madala Phiri
Ailembe ndithu payokha pansi, masiku amene atayika ndi mtengo wake. Pokambirana ndi imene ungasiye kuti K570,000 ituluke yonse

Bambo a Tadala
Ndabwerako. Mwini nyumba anakwiya koma tapita limodzi, a shopu kalata asainira ataona vidiyo ya sikelo. Akuti abweza K380,000 ya marolo 4 osatsegula Lachisanu, awiriwo akuti ndikadandaule kwa amene anawaoda. Sindinayankhe. Pa shelefu marolo omwewo akadalipo akugulitsabe. Ndilandire kaye imeneyi kapena ndikalandira ndiye kuti nkhani ya K190,000 yafera pompo?

Nachisale
Landirani koma polemba mulembe kuti ndi gawo chabe, yatsala K190,000, musasaine paliponse ponena kuti nkhani yatha. Ndipo ku MBS mupitebe, waya umenewo ukulowa mnyumba za anthu

Che Jafali
Mmm akadziwa kuti mwawanenera Lachisanu lisanafike simuiona ndalamayo, dikirani kaye ilowe