Matumba 120 oyembekezera, tapeza 84: mbozi zadya maperesenti angati?

Nachisale:
Anzanga ndithandizeni msanga, lipoti likufunika Lachisanu ndipo mutu waima. Kalabu ina kuno kumbali ya Mitundu, alimi 8, ankayembekezera matumba 120 onse pamodzi. Atatha kutonola awerenga 84. Ntchemberezandonda zinalowa mu Januwale chimanga chili m'maondo, ena anapopera, ena ayi. Ine ndawerengera ndapeza 30 peresenti. Mlimi wachitsanzo wabwera ndi kope lake akuti 43, ndipo waiuza kale kalabu yonse kuti 43. Fomu ili ndi kabokosi kamodzi kokha ka zotayika chifukwa cha tizilombo. Ndilembemo chiyani? Sindikufuna kukakangana ndi alimi pansi pa mtengo ndilibe chogwira.

A Phiri a ku Nsaru:
Mayi, 30 yanuyo ndiye masamu olondola. Matumba osowa ndi 36, pamenepo nonse mukugwirizana. Mwasiyana pogawa. Inu mwagawa 36 ndi 120, iye wagawa 36 ndi 84, nchifukwa chake wapeza 43. Funso lathu ndi lakuti pa zomwe zikanakhalapo, zachoka zingati, ndiye chogawira ndi 120. Mukamufotokozere chonchi: munthu ankayembekezera matumba 10, wapeza 5. Aliyense akudziwa kuti wataya theka. Koma mwa njira yakeyo 5 kugawa ndi 5 zikupereka 100 peresenti, ngati kuti sanakolole kanthu. Akangoona zimenezo amva, sipafunika kumuchititsa manyazi. Ngati mukulemba pa kompyuta, oyembekezera mu B, opezeka mu C:

```
=(B2-C2)/B2*100
```

Koma ndisanapite, 30 imeneyo ndi kuperewera kwa zokolola. Kunena kuti yonse yadyedwa ndi mbozi ndi nkhani ina.

Mbewe:
Matumbawo munawaika pa sikelo? Ngati ayi, palibe 30, palibe 43.

Nachisale:
A Mbewe, sikelo ndiitenga kuti? Ndayenda pa njinga, ndawerenga matumba ali m'nyumba zawo. Ndi matumba a 50 wamba omwewa.

Mbewe:
Thumba kulembedwa 50 sikuti muli makilogalamu 50. Wina amasoka pakamwa litadzaza mpaka kufufuma, wina amamanga ndi luzi patatsala malo a dzanja lonse. Ena amathira m'matumba a feteleza, ena m'matumba akuluakulu ogula kumsika. Tiyerekeze kuti 84 anuwo ndi a makilogalamu 46 lililonse. Ndiye kuti muli ndi 3,864 pomwe mumayembekezera 6,000. Kuperewera kwafika pafupifupi 36 peresenti. Mwaona mmene nambala yasunthira popanda mbozi ngakhale imodzi kuonjezereka? Bwerekani sikelo ya mavenda, yezani matumba atatu pakhomo lililonse.

Nangozo:
Ine kwathu ku Nkhoma vuto lomwelo. Chimanga tinaika bwinobwino mu Juni, pofika Okutobala ukatsegula thumba ndi ufa wokhawokha pansi, anankafumbwe ali yakaliyakali. Mayi Nachisale, auzeni agule matumba osalowa mpweya a PICS kapena athire mankhwala a Actellic chimanga chitauma bwino. Chaka chatha mayi wina anathira mankhwala chimanga chili chonyowa, chonse chinachita nkhungu, mpaka nkhuku zinkachikana.

A Phiri a ku Nsaru:
Mayi Nangozo, malangizowo ndi abwino koma anzathuwa akunena za kumunda, chimanga chisanalowe m'nyumba. Za anankafumbwe sizingawerengedwe ndi matumba n'komwe, chifukwa matumba 10 ofumbwa amakhalabe 10, chimene chatsika ndi kulemera. Kumeneko ndiye a Mbewe akhoza kutilamula ndi sikelo yawo.

Tibwerere kwa Mayi Nachisale. Ine chimene chimandisowetsa tulo pa malipoti amenewa ndi 120. Inachokera kuti? Ngati ndi mlimi amene anangoti "pamenepa ndimapha 20", mufunseni kuti anapha 20 chaka chiti, ndi feteleza wochuluka bwanji. Kawirikawiri amatchula chaka chimene zinamuyendera kuposa zaka zonse, atathira wokulitsa ndi wobereketsa pa nthawi yake. Chaka chino mwina wathira thumba limodzi pa maekala awiri, koma akuyembekezerabe 20 yomweyo. Ndiponso maekala a pakamwa ndi ovuta. Munda umene mwini wake amati ekala, mukauyeza mupeza ndi wocheperapo. Nambala yoyembekezera ikafufuma, peresenti yotayika imafufuma nayo, ndipo mlandu wonse umagwera mbozi.

Nachisale:
120 ndinailemba ndekha mu Disembala, mlimi ndi mlimi, potengera zokolola zawo za zaka ziwiri zapitazi komanso feteleza amene aliyense anali naye m'manja. Minda isanu ndinaiyeza. Sindikuti ndi yangwiro koma si ya m'mutu. Chimene mwandikumbutsa ndi chakuti kunali ng'amba ya masabata awiri mu Febuluwale, chimanga chikumasula.

Gama:
Ng'amba pa nthawi yomasula ndiye yoopsa kuposa mbozi zimene. Ine ndingochotsa 10 pa 30 ija n'kulemba 20 basi. Lipoti lipite.

A Phiri a ku Nsaru:
Achimwene a Gama, ganizo lochotsa ng'amba ndi loona, koma 10 mwaitenga kuti? Tiyeni tiipeze m'munda. Mayi, chitani zinthu ziwiri.

Choyamba, bwezerani chimanga chimene chinabereka koma sichinafike m'thumba. Funsani khomo lililonse: chachiwisi munadya ndi kugulitsa chochuluka bwanji, aganyu okolola munawalipira ndowa zingati, kwa apongozi kunapita zingati, nanga akuba pa mikukwe? Musafunse pagulu, pagulu aliyense amati sanadyeko. Funsani amayi pakhomo, iwo ndi amene amadziwa ndowa zimene zinatuluka. Tinene kuti mwapeza zokwana matumba 6. Ndiye kuti minda inabereka 90, osati 84. Kuperewera ndi 30 pa 120, kutanthauza 25 peresenti.

Chachiwiri, mwanena kuti ena anapopera. Pezani minda ya m'mudzi momwemo imene mbozi sizinaigwire kwenikweni, mbewu yofanana, yodzalidwa ndi mvula yomweyo. Onani kuti iwo aperewera bwanji pa zimene munawalembera mu Disembala. Tiyerekeze kuti aperewera 10 pa 100 alionse. Imeneyo ndi ng'amba ndi zina, si mbozi. Ndiye kuti ngakhale kukanakhala kopanda mbozi, kalabu yanu ikanapeza 108, osati 120. Tsopano 108 kuchotsa 90 kutsala 18, ndipo 18 kugawa ndi 108 ndi pafupifupi 17 peresenti. Nambala za 6 ndi 10 ndangopeka kuti muone njira, inu muikemo zanu. Koma mwaona kuti tachoka pa 43, tadutsa pa 30, tafika pa 17, munda ndi womwewo.

Mbewe:
Zonsezo ndi zabwino a Phiri, koma 90 yanuyo ndi matumba osayeza. Ndipo palinso chinyezi. Thumba la makilogalamu 50 losokedwa chinyezi chili pa 18 peresenti, likauma kufika pa 13 limatsala ndi 47. Mukawerenga mu Meyi ndi kuwerenga mu Julayi simupeza zofanana. Sikelo.

Gama:
A Mbewe, tonse tamva. Koma mlangizi mmodzi, midzi yonse ija, ayeze thumba lililonse? Inu mumatero?

Mbewe:
Sindinati lililonse. Ndati atatu pakhomo. Makomo 8, matumba 24, ntchito ya tsiku limodzi.

Nankhoma:
Ine ndikuchenjezeni pa china, chifukwa ndinaziona mbozizi zitangofika kumene. Mu Disembala 2017 boma litalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha ntchemberezandonda, mlimi aliyense ukamufunsa chimene chaononga munda ankati mbozi. Wosapalira, mbozi. Wodzala mochedwa, mbozi. Munda wofiira ndi maluwa a kaufiti, mbozi. Sindikuwanena, anthu ankaganiza kuti kulembedwa ndi njira yolandirira thandizo, ndipo njala ndi yowawa. Koma ife tikalemba zonse pa mbozi, ankatitumizira mankhwala opopera kumalo kumene vuto lenileni linali nthaka yotopa. Ndinalowa m'munda wa bambo wina amene ankalumbira kuti mbozi zamutha. Masamba analidi obooka, ndowe zonga utuchi zili kunsonga, koma chimanga chinali chitaphukanso masamba atsopano ndipo chinabereka. Chimene chinamugwetsa ndi chiswe. Mapesi anali gonegone, ukakoka phesi likungozuka lopanda mizu, m'kati muli dothi. Masamba odyedwa amaopsa maso, koma chimanga chothiridwa feteleza bwino, mvula ikugwa, chimachira. Chimene sichichira ndi chimene mbozi yadula mtima chikadali chaching'ono, kapena yalowa m'chisononkho.

Ndiye Mayi Nachisale, ngati zisononkho zosatonola zilipo pena pake, tengani 100 mosasankha, muwerenge zingati zili ndi mabowo ndi njere zodyedwa kunsonga. Sizikupatsani peresenti ya matumba, koma zikuuzani ngati nambala yanu ikumveka. Mukalemba 30 pomwe zisononkho zoboola ndi 8 zokha, wina adzakufunsani.

Gama:
Chiswe nachonso ndi kachilombo, Mayi Nankhoma. Kabokosi akuti tizilombo, sakuti mbozi zokha. Nanga mbewa ndi anyani tiziika pati? Kumbali ya Dzalanyama alimi amalira ndi anyani ndi nguluwe kuposa china chilichonse.

Nankhoma:
Chiswe chilowe, inde, koma mulembe dzina lake pambali. Anyani ine sindiwaika m'kabokosi kameneko. Ena amaika. Sitinagwirizanepo chimodzi.

Nachisale:
Ndiye Lachisanu ndilembe 30 kapena ndidikire? Zisononkho zonse anatonola kale, zina asonkhera moto.

A Phiri a ku Nsaru:
Ine ndikanalemba 30 koma ndi mawu pansi pake: kuperewera konse, matumba 36 pa 120, zifukwa ndi mbozi, ng'amba ya Febuluwale ndi zodyedwa zisanakololedwe. Mukapeza mpata wofunsa ndowa zija ndi minda yopopera, mutumize ya tizilombo payokha. Chinthu chimodzi musachite: musawerengere peresenti ya mlimi aliyense n'kuphatikiza n'kugawa ndi 8. Wa matumba 40 amene wapeza 32 wataya 20 peresenti, wa matumba 10 amene wapeza 4 wataya 60. Pakati pa 20 ndi 60 ndi 40, koma awiriwa pamodzi ataya matumba 14 pa 50, yomwe ndi 28. Phatikizani matumba kaye, peresenti pomaliza. Komabe dzina la wa matumba 4 uja mulisunge padera, chifukwa iyeyo ndi amene chakudya chimuthere msanga.

Gama:
Kabokosiko n'kakang'ono, mawu onsewo sakwana. Ndipo amene amalowetsa mu kompyuta amangotenga nambala, zapansizo saziona.

Mbewe:
Mayi, Lachitatu ndikudutsa ku Mitundu. Sikelo yanga yopachika ija ndibwera nayo, inu mupeze chingwe cholimba ndi anyamata awiri onyamula.

Nangozo:
A Mbewe, sikelo yanuyo munagula kuti? Yanga ikumasiyana ndi ya mavenda ndi makilogalamu awiri, sindikudziwa yonama ndi iti.