Aphunzitsi a Sitandade 8 akundibwerera kutulo atavala nkhope ya abwana

Wofunsa: Abale ndithandizeni. Ndine mayi wa zaka 34, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama. Mwezi wachitatu uno ndikulota loto limodzimodzi, kawiri kapena katatu pa sabata. Ndimakhala nditagwada kutsogolo kwa kalasi, aphunzitsi a masamu akuwerenga malikisi mokweza kuyambira kumunsi. Akafika pa dzina langa amati "mbuzi iyi", kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali. Ndikadzutsa mutu, nkhope ija ndi ya abwana anga. Ndimafuna kuyankha koma mawu satuluka. Ndimadzidzimuka cha m'ma 4 koloko, thukuta lili kamukamu.

Zogwadazo zinandichitikiradi ndili mwana. Abwanawa sananditukwanepo, kungoti tsiku lina anandibwezera lipoti pamaso pa anzanga. Chiyambire tsikulo, imelo ndimaiwerenga kasanu ndisanatumize. Kodi malotowa akundiuza kuti ndinedi wolephera?

Bambo wina: Mayi, limenelo ndi chenjezo. Alipo akufuna mpando wanu. Pempherani kwambiri, ndipo musamadye zopatsidwa kuofesi.

Namwino: Achemwali, kupemphera pempherani, koma musayambe kukayikira anzanu chifukwa cha loto. Taonani nthawi yomwe linayambira. Manyazi a lipoti lija anakagwa pa bala lakale, ndipo kutulo ubongo umasakaniza anthu amene anatimvetsa ululu wofanana. Lotolo likuonetsa mmene mumadzimvera mukakhala pamaso pa munthu waudindo, osati mmene ntchito yanu ilili. Za 4 kolokozo musadabwe nazo, maloto ataliatali amachuluka chakum'bandakucha.

Yesani izi masana, osati pogona. Lembani lotolo, kenako musinthe mmene likuyendera. Mwina mukuimirira, mukusasa fumbi m'mawondo, n'kunena kuti "Ndionetseni pomwe ndalakwitsa." Tsekani maso muziliona loto latsopanolo mphindi 10 mpaka 20 tsiku lililonse kwa masabata angapo. Ambiri zimawachepetsera maloto oipa. Koma ngati mwayamba kuopa kugona, kapena kulikumbukira kukukulizani, musalimbane nalo nokha, kaonaneni ndi anamwino a zamaganizo kuchipatala cha boma. Muwauzenso ngati mwayamba mankhwala atsopano, ena monga efavirenz, amene ndi amodzi mwa ma ARV, amalotetsa zoopsa.

Mnyamata wa ku Joni: Inetu kapitawo wathu amanditukwana masana dzuwa likuswa mtengo, koma sindinamulotepo. Ndimangolota ndikulemba mayeso a MANEB ndilibe cholembera. Nanga zimenezi?

Mphunzitsi wopuma: Mwana wanga, ndawerenga mtima ukundiwawa. Inenso ndinkawerenga malikisi choncho, ndimvekere ndikuwalimbikitsa ana. Amene ankagwada nthawi zambiri sanali mbuli ayi, anali ana ofika mochedwa atatunga madzi, ena osadya. Pepa.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi, mwandiliza. Anamwino, mankhwala sindikumwa alionse, ndiyamba kulemba mawa masana. Koma abwanawo ndiwauze kuti zija zinandipweteka, kapena ndingokhala chete? Kontirakiti yanga ikutha mu Disembala.