Zolengeza zathu za Chingerezi ndi Chichewa zasemphana tsiku, ndalakwitsa pati?

Alinafe (Zingwangwa): Moni nonse alembi anzanga. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo sabata ino. Kwathu tili ndi mapemphero awiri, a Chingerezi 7 koloko m'mawa, a Chichewa hafu pasiti 9. Alembi aakulu amalemba zolengeza m'Chingerezi Lachitatu, ine ndimamasulira Lachisanu ndikaweruka kuntchito. Mwezi uno panali chilengezo cha maphunziro a makolo amene akufuna kubatiza ana pa 30 Novembala. Iwo analemba Lachitatu pa 5, tsiku sanalilembe m'manambala, anangoyika mawu a Chingerezi aja oti nekisiti Satade, mumtima mwawo akunena pa 15. Ine pa 7 ndinalemba kuti Loweruka la sabata yamawa. Zinawerengedwa Lamulungu pa 9, kenako Lolemba wina anajambula pepala langalo nkutumiza pa gulu la Watsapu la mlaga. Mabanja 21 analembetsa, pa 15 anabwera 12 okha, 9 aja abwera pa 22 nkupeza holo yokiya, ena ndi makanda kumsana atakwera minibasi ziwiri. Pano akuti womasulira ndiye wasokoneza. Ndikufuna ndidziwe ndinalakwitsa pati kuti zisabwerezeke, anthu aja andimvetsa chisoni.

Chisomo (Ndirande): Pepani asisi. Koma ine ndimanena nthawi zonse, vuto ndi kuyambira ku Chingerezi. Mpingo wa mu Blantyre muno anthu ake ambiri ndi olankhula Chichewa, ngakhale obwera 7 koloko aja kunyumba amalankhula Chichewa chomwechi. Lembani kaye m'Chichewa, Chingerezi chibwere pambuyo, zoterezi sizichitika.

A Mbewe (Chilomoni): Mayi Alinafe, ndagwirapo ntchito yomasulira kukhoti zaka zambiri ndisanapume, pano ndimathandiza ofesi ya mpingo wathu. Ndawerenga kawiri zimene mwalembazi. Pa tsiku limene munamasulira simunalakwe ayi. Lachisanu pa 7, sabata yamawa inali yoyambira pa 10, ndipo Loweruka lake ndi pa 15 ndithu. Koma mawu amenewa amayenda ndi tsiku limene munthu akuwamva, osati limene inu munalemba. Lamulungu pa 9 anthu anagawikana kale, wina amati sabata yamawa ndi imene iyambe mawa Lolemba, wina amawerengera kuti Lamulungu ndi tsiku loyamba la sabata, ndiye kwa iyeyo sabata ino yayamba kale ndipo yamawa ndi inayo. Tsono amene anawerenga pa foni Lolemba pa 10 analibenso chokayika, kwa iwo Loweruka la sabata yamawa ndi pa 22 basi, ndipo anawerenga bwino. Ndikukhulupirira mukafunsa mabanja 9 aja mupeza ambiri anaona pa foni.

A Chisomo, kuyambira ku Chichewa ndi nzeru yabwino pa zifukwa zina, koma apa sikukanathandiza. Alembi akanalemba okha kuti sabata yamawa, chisokonezo chikanakhala chomwechi.

Alinafe (Zingwangwa): Zoona bambo, ndafunsa atatu usiku uno, onse akuti anaona pa gulu. Mmodzi sanabwere nkomwe kutchalitchi tsiku limenelo, mwana amadwala. Koma ndiye ndikanatani poti pepala loyambalo linalibe deti? Ine ndimaopa kuwonjezera zinthu zoti alembi sanalembe, anatiuza kuti womasulira asamaike zake.

A Mbewe (Chilomoni): Kuwonjezera zanu ndi kufunsa ndi zinthu ziwiri. Pepala likabwera lopanda deti musalimasulire, imbani foni, funsani kuti bambo Loweruka lake liti, akakuuzani mulembe pa mapepala onse awiri, la Chingerezi lomwe. Mukakonza lanu lokha ndiye kuti a 7 koloko amva china, a hafu pasiti 9 amva china.

Kwathu timachita chonchi. Tisanalembe chiganizo chilichonse, m'chilankhulo chilichonse, timayamba talemba kapepala kakang'ono ka mitu yokhayokha: akufunika ndani, kukachita chiyani, tsiku la sabata pamodzi ndi deti ndi mwezi, ola ndi mbali ya tsiku, malo, ndalama ngati ilipo, ndi woti afunsidwe. Kapepala kameneka ndi kamene abusa kapena alembi amavomereza. Zolengeza ziwiri zija zimachokera pamenepo. Chanucho chikanamveka chonchi: Makolo onse amene mwalembetsa ana kuti abatizidwe Lamulungu pa 30 Novembala, mukupemphedwa kufika ku maphunziro Loweruka pa 15 Novembala, 2 koloko masana, mu holo ya mpingo. Bambo ndi mayi abwere onse. Amene muli ndi chovuta onanani ndi alembi lisanafike Lachisanu pa 14.

Tsiku la sabata ndi deti zimakhalira limodzi dala, chifukwa chimodzi chimalondera chinzake. Mukalemba Loweruka pa 16, wina ayang'ana kalendala nkuona kuti pa 16 ndi Lamulungu, akufunsani zinthu zisanaonongeke. Koma deti lokha likalakwika palibe angadziwe. Ndipo mwezi muzilemba dzina lake, osati 9/11, pakuti alipo amene anazolowera kuyamba ndi mwezi, makamaka alendo obwera ku mapemphero a Chingerezi.

Mayi Nambewe (Bangwe): Ife ku parishi kwathu vuto limeneli tinali nalo kwambiri. Kunabwera ansembe achilendo, amalalikira m'Chingerezi mnyamata wina nkumatanthauzira pa maiki, koma amathamanga kwambiri mwana uja amangodumpha ziganizo zina. Tinawapempha kuti aziima kaye akatha chiganizo chimodzi. Muwauze alembi anuwo aziwerenga pang'onopang'ono.

Chisomo (Ndirande): Amayi, iyi si ya kutanthauzira pa guwa, ndi ya pepala lolembedwa kale

Mayi Nambewe (Bangwe): Ooo pepani ndinamva molakwa. Komabe pa za pepalapo ndili ndi yanga. Chaka chatha panalembedwa kuti amayi a mphakati akumane Lachiwiri m'mawa kukazonda odwala, wowerenga uja pa maiki zinamveka ngati akuti Lachiwiri, kenako mawa, ndiye ena anabwera Lolemba. Maiki yathu imakokomera. Kuyambira pamenepo timalemba kuti 8 koloko ya kum'mawa, m'mawa payekha tinasiya.

A Mbewe (Chilomoni): Imeneyo ndi mfundo yeniyeni mayi, chilengezo chimalembedwera khutu. Mawa ndi m'mawa pa pepala zimasiyana bwino, pa sipika ayi. Nchifukwa chake ine ndikamaliza kumasulira ndimawerengera mokweza munthu amene sanaone pepala la Chingerezi, nthawi zambiri mlonda wa pa tchalitchi kapena mayi a kunyumba, kenako ndimawafunsa mafunso atatu okha, mupite liti, kuti, mutenge chiyani. Akayankha zosiyana ndi kapepala kaja ndiye kuti ndabwerera kukakonza. Sizitenga mphindi zisanu.

Mkulu Banda (Soche): Ndiwonjezerepo za mawu oti sabata, poti ine ndine wa Seveni Dei. Kwa ife Sabata ndi Loweruka. Kwa ena a mipingo ina tsiku la Sabata kapena Lasabata ndi Lamulungu, ndipo sabata yomweyo ndi masiku 7. M'mpingo mwanu mokha mwina simungaone vuto, koma zikakhala za m'dera, maliro, chitukuko cha mfumu, komiti ya chitetezo, anthu ake ndi osakanikirana. Kwathu kuno chilengezo cha kukonza mlatho chinati tikumane Sabata masana, ife tinadandaula kuti bwanji atiyikira tsiku lopembedza, kumeneko iwo amanena Lamulungu. Pa zolengeza za anthu onse mawu amenewa ndi bwino kuwasiya, nenani Loweruka kapena Lamulungu.

Alinafe (Zingwangwa): Zikomo nonse, ndikulemba. Pali chinanso chimene sindinanene. Lamulungu lija mapemphero oyamba atatha, abusa anasintha ola kuchoka 2 koloko kupita 1 koloko, alembi anakhwatcha ndi bolopeni pa pepala la Chingerezi lomwe linali litawerengedwa kale, langa silinakhudzidwe. Ndiye palibe gulu limene linamva za 1 koloko, abusa anadikira ola lathunthu okha.

A Mbewe (Chilomoni): Aaa, chimenecho ndiye chimachitika paliponse pamene pali mapepala awiri oyenda paokha. Ziikeni pa tsamba limodzi, Chingerezi kumanzere Chichewa kumanja, chilengezo chilichonse ndi nambala yake yofanana mbali zonse. Munthu akafuna kukhwatcha nambala 4 diso lake limaona nambala 4 inayo pompo. Ndipo kusintha kukabwera mapemphero oyamba atatha kale, chimenecho ndi chilengezo chatsopano, chiyambe ndi mawu oti kusintha, chinene ola lakale ndi latsopano, chipite pa gulu m'zilankhulo zonse ziwiri mu uthenga umodzi. Osatumiza awiri, chifukwa anthu amapatsirana umodzi wokha winawo nkutsala.

Chisomo (Ndirande): Tsamba limodzi ndagwirizana nazo koma Chichewa chimatalika bambo, danga lakumanja limasefukira. Komanso pa Chichewa sungangoti makolo abwere, pamafunika ulemu, mukupemphedwa, okondedwa mwa Ambuye, zonsezo. Nchifukwa chake ndikuumirirabe kuti Chichewa chiziyamba, chifukwa kufupikitsa nkosavuta kusiyana ndi kukoka Chingerezi chouma chija kuti chimveke ngati munthu akulankhula ndi akuluakulu.

A Mbewe (Chilomoni): Pa ulemu mukunena zoona, ndipo ziganizo sizifunika kufanana kutalika. Koma samalani ndi mukupemphedwa yemweyo. Ngati pepala loyamba likunena kuti wosabwera mwana wake sabatizidwa, inu nkufewetsa kuti mukupemphedwa basi, anthu amva ngati nkufuna kwawo. Ulemu ukhalepo koma chotsatira chake chinenedwe poyera, kuti amene sadzafika ku maphunziro mwana wawo adzadikira ubatizo wina. Mu chitsanzo changa chija ndinasiya chiganizo chimenechi, mayi Alinafe muone ngati chinalipo ku Chingerezi.

Alinafe (Zingwangwa): Chinalipo, ndipo ine ndinachifewetsa ndithu, ndinalemba kuti ndi bwino kuti nonse mudzafike. Chimenecho ndiye changa ndavomera. Mawa ndikumana ndi alembi, ndikawapempha za kapepala ka mitu ndi tsamba limodzi lija, komanso kuti abusa awaonere tsiku lina mabanja 9 aja pasanafike pa 30. Zoti tiziyamba ndi Chichewa ndikazitchula koma alembi athu anazolowera kulemba m'Chingerezi, kaya akalola.

Mkulu Banda (Soche): Nanga pa mapemphero ophatikiza, monga a Khirisimasi kwa inu, mumawerenga zonse kawiri kapena mumasankha? Ife tikawerenga kawiri zolengeza zimatha mphindi 25 anthu nkuyamba kutuluka.

Mayi Nambewe (Bangwe): Ife timawerenga Chichewa chonse, Chingerezi mitu yokha ndi madeti, zina akaone pa bolodi. Koma alendo ena amadandaula kuti zambiri zimawadutsa.