Za habu ya laputopu ya ku laibulale ya kwathu: tigule iti?

Mlembi: Akuluakulu, pa ndalama zotsala za laibulale pali nkhani imodzi. Laputopu ija ili ndi mapoti a USB atatu okha: awiri a USB wamba, limodzi mwa iwo labuluu mkati, ndi limodzi la USB-C. Zofunika kulumikiza ndi hadidiraivi ya mavidiyo a maphunziro, purinta, kiyibodi, mawusi, mafulashi a aphunzitsi ndi pulojekita. Ena akuti tigule habu yotchipa ya mapoti anayi, ena akuti doki, kabokosi kolumikizirapo zipangizo zonse kudzera pa poti la USB-C. Odziwa tithandizeni tisanatulutse ndalama.

Msungichuma: Ine ndikuti yotchipayo. Habu ndi ngati ekisitenshoni basi, bowo limodzi lisanduka anayi. Doki ndi ndalama zambiri, komanso mashelefu sitinamalize.

Wokonza makompyuta: Mayi, ekisitenshoni imakoka kukhoma kumene kuli magetsi ochuluka. Habu yopanda adaputa yakeyake ya magetsi imakoka pa poti limodzi la laputopu, ndipo potilo lili ndi malire. La USB 2.0 limapereka 500 mA pa 5 V, amene ndi mawati 2.5. Labuluu lija, la USB 3.0, limapereka 900 mA, mawati 4.5. Habu siwonjezerapo kanthu, imangogawa omwewo, nayonso nkudyapo pang'ono. Tsono tiwerengere. Hadidiraivi yaing'ono ija, pamene mbale yake yamkati ikuyamba kuzungulira, imatha kufuna 900 mA yokha. Kiyibodi tiyipatse 100, mawusi 100, mafulashi awiri mwina 300. Tafika 1,400 mA pa poti la 900. Purinta sindinaiwerenge chifukwa ili ndi chingwe chake cha magetsi.

Mphunzitsi woyang'anira laibulale: Ndiye mwina ndi zimene zinachitika teremu yatha. Tinabwereka kahabu kotere. Hadidiraivi imangolira kuti tiki, tiki, kagetsi kake kayaka kazima, osaoneka pa kompyuta. Tsiku lina inaoneka, koma mnzanga atangolowetsa fulashi inasowa tili mkati mokopera. Ine ndimati yafa.

Wokonza makompyuta: Siinafe aphunzitsi, imasowa magetsi. Kulira kumeneko ndi mota ikuyesa kuyamba, mphamvu nkutsika, nkuyambiranso. Mukafuna umboni, ichotseni pa habu muilowetse mwachindunji pa poti labuluu. Ikayenda bwinobwino, vuto ndi magetsi. Nthawi zina Windows imalemba "Power surge on the USB port" kapena "USB device not recognized". Choopsa ndi kusowa kuja ili mkati molemba, chifukwa mafayilo amaonongeka, mwinanso foda yonse osatseguka.

Achemwali a ku Joni: Ine ndimaona ngati tikagula chimenechi ana anayi azitha kugwiritsa ntchito kompyuta imodzi nthawi imodzi, aliyense ndi kiyibodi yake. Si choncho? Nanga mafoni a aphunzitsi sangamatchajirepo? Kumudzi kuja kutchajitsa nkolipira.

Mlembi: Ayi achemwali, makiyibodi anayi onse angamalembe pamalo amodzi, ana nkumangolimbana.

Wokonza makompyuta: Za mafonizo ndiye ndikanize ndithu. Foni imakoka zonse zimene poti lingailole, ndipo pa habu yopanda adaputa ndiyo ingagwetse hadidiraivi. Mafoni akhale ndi chaja yawo pa ekisitenshoni.

Atsibweni a zamagetsi a sola: Ine ndikugwirizana ndi habu ya adaputa, koma muwerenge zolembedwa pa adaputayo, musamangowerenga mabowo. Ilipo ya mapoti 7 yobwera ndi adaputa ya 5V 2A. Amenewo ndi mawati 10 okha, okwanira mapoti awiri odzaza basi. Mapoti 7 kuchulukitsa ndi mawati 4.5 ndi 31.5, ndiye yoyenera ndi ya 12V 3A, imene ndi mawati 36. Za liwiro musade nazo nkhawa, habu ikakhala ndi magetsi ake chilichonse chimathamanga mokwanira.

Wokonza makompyuta: Pa adaputa mwalasa atsibweni, koma pa liwiro ayi. Adaputa imawonjezera magetsi okha. Deta yonse imadutsabe pa chingwe chimodzi chopita ku laputopu. Pa bokosi la USB 2.0 amalemba 480 Mbps, koma pokopera zenizeni mumaona pafupifupi 35 MB pa sekondi, ndipo amenewo ndi a zipangizo zonse pamodzi. Tinene kuti aphunzitsi anayi akufuna foda ya 4 GB aliyense. Fulashi yotchipa imalemba mwina 8 MB pa sekondi, ndiye anayi ndi 32, akukwana, onse amaliza m'mphindi 8 kapena 9. Mukaika 7 akufuna 56 pa njira ya 35, aliyense atsika kufika pa 5, mphindi zikwana 13 ndi kupitirira. Tsono ikaninso hadidiraivi pa habu yomweyo. Zipangizo za pa habu sizipatsirana zokha, fayilo imayenera kukwera ku laputopu kenako nkutsikanso ku fulashi, ndipo pa USB 2.0 kukwera ndi kutsika kumasinthana pa mawaya omwewo. Nthawi ija ikhoza kuwirikiza.

Msungichuma: Ndiye tigule yabuluu, nkhani ithe. Paja amati 5 Gbps.

Wokonza makompyuta: Yabuluu inde mayi, koma mudziwe kuti mkati mwake muli mahabu awiri, ya USB 3.0 ndi ya USB 2.0, iliyonse ndi mawaya ake. Fulashi ya USB 2.0, ngakhale muilowetse pa bowo labuluu, imayenda pa njira yakale ija ndi kugawana 35 MB ndi anzake. Sibwereka liwiro ku njira yothamangayo. Phindu lake ndi lakuti hadidiraivi ya USB 3.0 imayenda payokha osapanikizana ndi mafulashi. Mukailumikiza, tsegulani Device Manager, pansi pa "Universal Serial Bus controllers" muone ngati pali "Generic SuperSpeed USB Hub". Pakangooneka "Generic USB Hub" yokha, ndiye kuti chingwe, poti kapena habuyo ndi ya 2.0, kaya anaipaka buluu.

Wapampando: Nanga pulojekita? Paja amene amafuna doki amanena za imeneyo.

Achimwene a ku Lilongwe: Ndine ndinanena, bambo. Doki ndi chingwe chimodzi cha USB-C, chithunzi, deta ndi kutchaja zonse momwemo. Ana sangamazule zingwe zisanu tsiku lililonse, mapoti a laputopu angakhalitse.

Wokonza makompyuta: Mfundo ya mapotiyo ndi yoona achimwene. Koma si poti lililonse la USB-C limene limatulutsa chithunzi kapena kulandira chaja, ena ndi a deta yokha. Aphunzitsi atitumizire dzina lenileni la laputopu lolembedwa kunsi kwake tifufuze. China, doki imadula gawo lake pa chaja, kawirikawiri pafupifupi mawati 15. Chaja ya mawati 65 ikadzera mu doki, laputopu ilandira 50 kapena kucheperapo, ndipo batire limadzaza mochedwa, mwinanso kumatsika pulojekita ikuonetsa vidiyo. Pamenepo mufunika chaja ina ya USB-C yokulirapo. Ngati laputopu ili ndi bowo la HDMI, pulojekita ilowe pamenepo, doki siyofunika.

Mphunzitsi woyang'anira laibulale: HDMI ilipo, kumanzere. Dzina nditumiza mawa ndikatsegula.

Atsibweni a zamagetsi a sola: Habu ya 12V ija ndikhoza kuilumikiza ku batire la sola mwachindunji, tisamayatse inveta chifukwa cha kanthu kakang'ono.

Wokonza makompyuta: Pamenepo ndikukayika atsibweni. Batire la 12V likamatchajidwa masana limakwera kupitirira 14 V, ndipo si habu iliyonse ingapirire. Pangafunike kachipangizo kosunga mphamvu pa 12 V pakati pake, ndi fyuzi.

Atsibweni a zamagetsi a sola: Kachipangizoko ndili nako. Koma laputopu nayo imafuna inveta, ndiye mwina phindu lake nlochepa. Ndikaona ndikapita kumudzi.

Wapampando: Mayi msungichuma, funsani mitengo iwiri: habu ya USB 3.0 ya mapoti 7 ndi adaputa ya 12V 3A, komanso doki pamodzi ndi chaja yake. Achimwene a ku Lilongwe sanagonje, ndiye tidikire dzina la laputopulo. Pakadali pano aphunzitsi, hadidiraivi izilowa pa poti labuluu yokha.