BCR-ABL yanga yakwera kuchoka pa 0.05% kufika pa 0.34%, kodi imatinibu wasiya kugwira ntchito?

Nabanda: Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi zaka 38, ndipo anandipeza ndi khansa ya m'magazi ija amati CML miyezi 21 yapitayo. Kuyambira pamenepo ndimamwa imatinibu, mamiligalamu 400 pa tsiku. Zotsatira zanga za PCR, muyezo wa magazi woona kuchuluka kwa matendawa, pa mzere wolembedwa BCR-ABL1 IS, zayenda motere: pa miyezi 3 zinali 6.2%, pa miyezi 6 zinali 0.8%, pa miyezi 12 zinafika 0.07%, pa miyezi 18 zinali 0.05%. Dzulo ndalandira pepala latsopano, palembedwa 0.34%. Ndaliwerenga mwina kakhumi, kuganiza kuti kadontho kaikidwa polakwika. Chondizunguza mutu n'chakuti magazi awamba aja ali bwinobwino, maselo oyera sanakwere, kapamba sanatupe, thukuta lausiku lija linatha kalekale. Adokotala ndionana nawo pakatha milungu itatu, koma tulo sindikuliona. Amene munadutsamo kapena mukuzidziwa, ndiuzeni zoona, mankhwalawa atopa nane?

Bambo a Tadala: Mayi, 0.34 ndi kanthu kochepetsetsa, sikanafike ndi pa 1 pomwe. Ndiye kuti mwa maselo 100 odwala sakukwana ndi limodzi. Khazikani mtima pansi, mwachira inu.

Achimwene Jere: Pepani a Bambo a Tadala, pamenepo ayi. Mchemwali wanga zinayamba chonchi, anakapeza kuti jini yasintha, ili ndi chija amalemba T315I. Nambala ikakwera ndiye kuti matenda apeza njira yozembera mankhwala. Achemwali, musadikire milungu itatuyo, kauzeni akusinthireni mankhwala msanga.

Mayi a ku Labu: A Nabanda, ine ntchito yanga ndi yoyeza magazi amenewa, koma si ine dokotala wanu, ndiye zomwe ndinene mukazitengere kwa iwo. Poyamba tione chomwe nambalayo ikuwerenga, chifukwa siwerenga maselo ayi. Majini, omwe ndi malangizo oyendetsera selo, amakhala pa tizingwe totchedwa makromozomu. Mu CML, kachidutswa ka kromozomu 9 kamasinthana malo ndi ka kromozomu 22, ndipo jini ya ABL1 imakalumikizana ndi ya BCR. Jini yophatikizikayi imapanga puloteni yomwe imangolamula maselo oyera kuti aziswana osapuma. Imatinibu amakalowa pa puloteniyo n'kuitseka. Ife mu labu timawerenga mauthenga amene jini ya BCR-ABL ikutumiza, n'kuwayerekeza ndi mauthenga a jini ina yabwinobwino, kenako timasandutsa yankholo kukhala la pa sikelo imene malabu a dziko lonse anagwirizana, ndiye IS mukuionayo. Pa sikeloyo 100% ndi mlingo wapakatikati wa odwala amene anali asanayambe mankhwala, ndipo 0.1% ndiye kuti matenda atsika ka 1,000 kuchoka pamenepo. Kufika pa 0.1% kapena pansi pake ndiko amalemba MMR.

Ulendo wanu unali wabwino kwambiri. Malangizo amene madokotala ambiri amatsata amafuna 10% kapena kucheperapo pa miyezi 3, 1% pa miyezi 6, ndi 0.1% pa miyezi 12. Inu mipanda yonse itatu munailumpha pa nthawi yake. Tsopano 0.34% yakubwezani pamwamba pa 0.1%, kutanthauza kuti MMR yatayika. Pakati pa 0.1% ndi 1% amati ndi chenjezo, kulephera kwa mankhwala amakutchula nambala ikapitirira 1%. Choncho si zoti mwachira, komanso si zoti nyumba yapsa.

Zoti magazi awamba ali bwino zisakudabwitseni, komanso zisakunamizeni. Maselo oyera amadzakwera mochedwa, matenda atachuluka kale. PCR imaona utsi moto usanaoneke, n'chifukwa chake amakuyezani miyezi itatu iliyonse ngakhale mukumva bwino.

Ndili ndi mafunso atatu. Magazi omalizawa anayezedwa ku labu yomwe ija ya kale? Pali mankhwala ena amene mwayamba miyezi yapitayi, kaya a kuchipatala kaya azitsamba? Ndipo funso lovutalo, lomwe sindikufunsa pofuna kukuweruzani: m'miyezi itatu yapitayi, ndi masiku angati amene simunamwe?

Nabanda: Labu ndi yomweyo. Mankhwala ena palibe. Funso lachitatulo landigwira pakhosi. Chiyambireni imatinibu amandipatsa nseru, m'mawa zikope zimatupa, ndipo usiku minofu ya m'miyendo imakokana mpaka ndimadzuka kukaima pansi pozizira. Atandiuza kuti ndafika pa MMR kachiwiri ndinayamba kudzipatsa tchuthi, poyamba Lamlungu lokha, kenako tsiku lililonse loti ndili ndi ulendo kapena msonkhano. Ndapita kukawerenga mapiritsi otsala m'kabati, ndapeza 26 omwe anayenera kukhala atamwedwa pa masiku 90 apitawa. Sindinauzepo munthu, ngakhale amuna anga.

Mayi a ku Labu: Zikomo ponena zoona, achemwali, chifukwa mapiritsi 26 amenewo ndi chinthu chofunika kwambiri mwa zonse mwalemba pano. Ndiye kuti mwamwa masiku 64 mwa 90, pafupifupi 71%. Kafukufuku wa ku chipatala cha Hammersmith ku London, amene anatuluka mu 2010, anaonetsa kuti odwala omwa imatinibu wosapitirira 90% ya mlingo wawo ankafika pa MMR mwa apo ndi apo poyerekeza ndi omwa mokhulupirika. 90% imeneyo ndi kuphonya masiku atatu okha pa mwezi. Mankhwalawa amapondereza matenda pomwe ali m'magazi, koma maselo oyambitsa aja, ogona m'mafuta a m'mafupa, ambiri amakhalapobe. Mukachotsa phazi amadzuka.

Nditchulenso za kusinthasintha kwa muyezo. Magazi amodzimodzi titawayeza kawiri, yankho likhoza kusiyana mpaka kawiri, makamaka nambala zikakhala zing'onozing'ono. Kuchoka pa 0.05 kufika pa 0.08 sindikanatekeseka nako. Koma kwanuku n'kukwera pafupifupi kasanu ndi kawiri, kovuta kukukankhira pa makina. Onaninso pa pepalalo ngati alembapo kuchuluka kwa makope a ABL1. Akakhala ochepera 10,000, kawirikawiri magaziwo anachedwa panjira kapena anaonongeka, ndipo yankho lake silidalirika kwenikweni.

Nabanda: Palembedwa ABL1 copies 41,200.

Mayi a ku Labu: Ndiye magaziwo anali abwino, nambalayo tiikhulupirire.

Gogo Nasibeko: Mwana wanga, ine ndamwa imatinibu zaka 11. Nseru inandisautsa chaka choyamba mpaka namwino wina anandiuza kuti ndizimwa pakati pa chakudya chachikulu chamadzulo, ndi kapu yaikulu yodzaza madzi, osati m'mimba muli gwa. Zinachepa kwambiri. Za kukokana kwa minofuzo ukawauze adokotala, ine anandiyeza mchere wa m'magazi n'kundipatsa zothandiza. Koma usamachepetse wekha. Ine ndinkabisanso, ndiye ndikudziwa manyazi ake.

Chisomo K.: Koma ine ndinamva kuti masiku ano anthu a CML akumasiya mankhwala n'kukhala bwinobwino. Ndiye kuphonya masiku ochepa kungavute bwanji, poti ena akusiyiratu?

A Mbewe: Ine ndi mmodzi mwa amene anasiyapo, ndiye ndiyankhe. Sizifanana ngakhale pang'ono. Anandilola kuyesa nditamwa zaka 7, ndipo kwa zaka zoposa zitatu nambala yanga inali pansi pa 0.01%, osati 0.1%. Nditasiya ankandiyeza mwezi uliwonse. Mwezi wachinayi inakwera kupitirira 0.1%, sabata yomweyo ndinayambiranso, patapita miyezi ingapo inatsikanso. Anandiuziratu kuti mwa oyesa kusiya, pafupifupi theka amabwerera pa mankhwala, ambiri m'miyezi 6 yoyamba. A Nabanda sanakwane ndi zaka ziwiri akumwa, ndipo pa 0.01% sanafikepo. Kumwa modumphadumpha kulibe woyang'anira, munthu umangozindikira pepala litabwera.

Bambo a Tadala: Ndaphunzirapo, ndinaiona molakwika nambala ija. Pepani mayi.

Achimwene Jere: Ndamva za mapiritsi 26, komabe ine ndikuti ayezetse za kusintha kwa jini pompano. Mchemwali wanga anamuuza kuti angolimbikira kumwa, miyezi inapita, pomadzayeza n'kuti ali pa 4%.

Mayi a ku Labu: Achimwene, pamenepa sindikutsutsani kwathunthu. Kutaya MMR ndi chifukwa chokwanira choti dokotala aganizire zoyeza ngati jini yasintha, ndipo kuphonya mankhwala sikutsimikizira kuti kusinthako kulibe, zonse ziwiri zikhoza kupezeka mwa munthu mmodzi. Pomwe ndikusiyana nanu ndi pa kusintha mankhwala osayeza. Kusintha kwa jini kulipo kwa mitundu yambiri, ndipo mtundu wake ndi umene umasankha mankhwala. Kwina dasatinibu amagwira, kwina nilotinibu ndiye woyenera. T315I ija imakana imatinibu, dasatinibu, nilotinibu ndi bosutinibu, imafuna ponatinibu kapena asiminibu. Komanso mankhwala atsopanowa ali ndi mitolo yawo: dasatinibu amatha kudzaza madzi kuzungulira mapapo, nilotinibu amamwedwa kawiri pa tsiku m'mimba mulibe kanthu ndipo amatha kukweza shuga ndi kuvutitsa mitsempha ya magazi. Munthu amene akulephera piritsi la kamodzi pa tsiku chifukwa cha nseru, kumusamutsira kwina osakonza vutolo sikungathandize.

Palinso vuto la luso. Njira yakale yowerengera jini imavutika kuona kusinthako nambala ikakhala yotsika ngati 0.34%, ndiye yankho loti "palibe" silitseka nkhani. N'chifukwa chake madokotala ena amayamba abwereza PCR pakatha mwezi umodzi kapena itatu munthu akumwa tsiku ndi tsiku. Ikatsika, chinali kuphonya. Ikaima pomwepo kapena kukwera, ndiye ayeze jini ndi kuganiza zosintha. Ena amatumiza zonse ziwiri nthawi imodzi. Ine ndaonapo njira zonsezi.

Achimwene Jere: Ndikanakhala ine ndikanapempha zonse ziwiri. Kudikira kuja kunatipweteka.

Namwino Wopuma: Ndiwonjezere pa funso lachiwiri la Mayi a ku Labu, la mankhwala ena lija, pothandiza ena owerenga. Rifampisini wa chifuwa chachikulu, komanso mankhwala ena a khunyu monga kabamazepini ndi fenitoyini, amachititsa chiwindi kuchotsa imatinibu msanga, moti munthu womwa mokhulupirika nambala yake ikhoza kukwera. Ndipo a Nabanda, musamwe awiri pofuna kubweza omwe munaphonya. Ngati pali ganizo la mimba, linenedwenso kwa adokotala, osangosiya mwakachetechete.

Nabanda: Ndabweranso. Ndinaimba foni, andilola kuonana ndi adokotala lero m'malo modikira. Ndinanyamula mapiritsi 26 aja m'kapepala n'kuwaika patebulo, chifukwa pakamwa ndikanachepetsa nambala. Sanandikalipire. Andipatsa mankhwala a nseru, anditenga magazi oyeza mchere, ndipo PCR abwereza pakatha milungu 6. Za kuyeza jini ati tidikire yankho limenelo, koma likangokhala kuti silinatsike atumiza tsiku lomwelo. Achimwene Jere, ndinawafunsa kawiri chifukwa cha inu. Amuna anga ndawauza usiku wathawu, tsopano alamu ili pa foni zonse ziwiri. Funso lomwe ndinaiwala kufunsa: pa milungu 6 imeneyo, iyenera kubwereratu pansi pa 0.1%, kapena ikangofika pa 0.2% tiziti zikuyenda?