Mijigo yanga yagwera m'nyanja pa mapu, thandizeni

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni, mutu wandizungulira. Tinayenda masabata atatu kulemba mijigo ndi zitsime kuno ku Mangochi, mbali za Namwera, Makanjira ndi Nankumba, zonse pamodzi 312. Ku Makanjira ndinapita pa njinga yamoto ya kabaza ndi ndalama zanga, mpaka lero alawansi sinatuluke. Mnzanga amene tinkagwira naye anasiya ntchito pakatikati, foni sakuyankha. Laputopu ndi yobwereka kwa alamu anga, batire yake sigwira, magetsi akangothima basi zonse zathera pomwepo. Tsono dzulo ndaika fayilo mu QGIS kuti ndipange mapu, ndikupeza mijigo ina ili m'nyanja. Abwana akufuna mapuwa Lolemba ndipo ayamba kale kunena kuti mwina sitinapiteko n'komwe kumidziko. Ine ndinapitadi, nsapato zinathera konko. Ndichite bwanji?

Che Jafali wa pa Mpondasi: VUTO NDI MAFONI. Ndanena kambirimbiri pagulu pano. Ife tinkayenda ndi GPS ya m'manja, kuima pa mjigo mpaka makina akhazikike. Ana a masiku ano mungodina foni muli pa njinga. Bwererani mukajambulenso.

Nachisale: Pepani achimwene. Za alawansizo musazisiye, ine anandidyera ya miyezi iwiri chaka chatha chifukwa chokhala chete.

Bambo a Tadala: Mijigo ya m'nyanja ndiye yabwino, siuma ngakhale mu Okutobala kkkk

Mayi Gondwe: Mwalemba zambiri koma chofunika mwachisiya. Nyanja yake iti? Ya Malawi yathuyi, kapena mukatalikitsa mapu madonthowo ali kunja kwa Afirika? Ndipo agweramo onse kapena ena okha? Tikopereni mizere iwiri, umodzi wabwino ndi umodzi wolakwika, pamodzi ndi mitu ya makolamu.

Che Jafali wa pa Mpondasi: Mayi, nyanja yake ndi yathu yomweyi. Foni ikaphonya pa gombe la Makanjira dontho ligwera m'madzi, nkhani yatha.

Membala wobisa dzina: Si ya Malawi ayi. Ali kutali, kumtunda kumanzere, moyang'anana ndi Morocco. Ndawerenga, alipo 87. Enawo ali bwinobwino.

```
dzina,lat,lon
mjigo_014,-14.4781,35.2645
mjigo_203,35.2702,-14.4615
```

Mayi Gondwe: Basi, vuto laoneka, ndipo kumudzi simubwererako. Pa mzere wachiwiriwo manambala asinthana malo. Dziko lathu lili kumwera kwa ikweta, choncho `lat` ya malo alionse m'Malawi imakhala ndi mayinasi, pakati pa -9 ndi -17 ndi kanthu. `lon` imakhala yopanda mayinasi, kuyambira 32 ndi kanthu osafika 36. Mangochi boma ili pafupi ndi -14.48 ndi 35.27. Mukawatembenuza, kompyuta imamva kuti mukunena madigiri 35 kumpoto ndi 14 kumadzulo, ndipo kumeneko ndi m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Morocco, ndendende pamene mwawaona. Foni ikaphonya imaphonya ndi mamita, ikanyanya mazana angapo. Singakuponyeni makilomita masauzande.

Yamikani M.: Zophweka izi. Mu QGIS `X field` ndi `lon`, `Y field` ndi `lat`, anthu ambiri amasokoneza poti timazolowera kutchula `lat` poyamba. Lowetsaninso fayilo mutasinthanitsa pamenepo, kapena gwiritsani `Swap X and Y coordinates` mu `Processing Toolbox`. Mphindi imodzi mwamaliza.

Mayi Gondwe: Yamikani, za X ndi Y mwalondola, koma mankhwalawo akanagwira zikanakhala kuti onse 312 ali m'nyanja. Apa olakwika ndi 87. Akatembenuza fayilo yonse, 87 abwera kumtunda, 225 abwinowo ndi amene apite ku Morocco. Vuto lili m'mizere ya m'fayilomo, osati polowetsa.

Che Jafali wa pa Mpondasi: Mukuona? Makompyuta omwewo akukanganitsani. Kale timalemba m'kope, palibe mjigo unapita ku Morocco.

Nachisale: Inu a Che Jafali mwayankha katatu koma simunathandizepo kanthu. Munthu ali pa moto Lolemba.

Che Jafali wa pa Mpondasi: Mwana wanga, ntchito imeneyi ndinayamba iwe usanabadwe.

Mphunzitsi wa ku Chilipa: Ine zanga zinapita ku Sudan pamene tinkalemba masukulu. Ndiye kuti nazonso zinatembenuka?

Mayi Gondwe: Ayi aphunzitsi, inu munataya mayinasi. 14 wopanda mayinasi ndi kumpoto kwa ikweta, ndipo 14 kumpoto, 35 kummawa ndi ku Sudan. Kumene dontho lagwera kumakuuzani matenda ake. Likatembenuka komanso n'kutaya mayinasi limakagwera m'nyanja ya Mediterranean kufupi ndi Malta. Likakhala pa 0 ndi 0, kunsi kwa Ghana, ndiye kuti m'mabokosimo munalibe kanthu, pulogalamu ina inangoikamo ziro.

Tsono inu ofunsa, chitani izi. Yambani mwasunga kope ya fayilo yoyambayo, musaikhudze. Mu Excel, ngati `lat` ili mu B ndipo `lon` ili mu C, pangani makolamu atatu atsopano:

```
D2: =MIN(B2,C2)
E2: =MAX(B2,C2)
F2: =AND(D2>-17.2,D2<-9.3,E2>32.6,E2<36)
```

Kokerani mpaka pansi. D ndiye `lat` yokonzedwa, E ndiye `lon`. Zimatheka chifukwa kwathu kuno `lat` nthawi zonse ndi nambala yaing'ono kuposa `lon`, ndiye mzere wabwino ukhala momwe unalili, wotembenuka uwongoka. Njira imeneyi musakaigwiritse pa fayilo ya dziko lina musanaganize, si kulikonse kumene imagwira. F ikuuzani ngati dontho lili m'bokosi lozinga Malawi. Paliponse pamene yalemba `FALSE` payang'aneni ndi maso. Mukapeza D ndi E zatulutsa nambala imodzimodzi, ndiye kuti bokosi lina muli malemba, monga `14.46 S`, ndipo `MIN` yalidumpha. Polowetsanso mu QGIS, X ikhale E, Y ikhale D, CRS ikhale `EPSG:4326`.

Musadalire kuti pulogalamu ikuchenjezani. 35 ndi 14 onse ndi manambala ololedwa mbali zonse ziwiri, ndiye imangolandira mwakachetechete.

Yamikani M.: Chabwino ndavomera. Koma 87 okhawo anatembenuka bwanji? Fomu ya pa foni ya KoboToolbox siingasinthe yokha pakati pa ntchito.

Membala wobisa dzina: Mwandikumbutsa. A ku Nankumba sanadzere pa fomu. Mnzanga uja foni yake inafa, ankalemba m'kope, kenako anatayipa yekha n'kunditumizira, ine ndinangomata pansi pa anga osayang'ana mitu. Ndatsegula fayilo yake, iye anayamba ndi `lon`.

Bambo a Tadala: A Che Jafali, kope lija mumalitama lija ndi limeneli kkkk

Che Jafali wa pa Mpondasi: Kope silinalakwe, analakwa ndi wotayipa. NDIPO ALAWANSI AKUPATSENI.

Membala wobisa dzina: Mayi Gondwe Mulungu akudalitseni, abwerera! F yalemba `TRUE` ponseponse. Koma atatu mwa a mnzangawo tsopano ali m'nyanja ya Malawi yeniyeniyo, kutali ndithu ndi gombe.

Mayi Gondwe: Amenewo si otembenuka, ndipo F singawagwire poti nyanjayo ili m'bokosi lomwelo. Mwina anaphonya nambala potayipa. Mwinanso makina ake tsiku limenelo ankaonetsa madigiri ndi maminiti, iye n'kulemba 14°28' ngati 14.28, pamene yoona ndi 14.47, poti maminiti amagawidwa ndi 60. Kusiyana kumeneko ndi makilomita pafupifupi 20. Kuchokera pano sindingadziwe chomwe chinachitika. Musawakokere kumtunda ndi mausi mongoganizira. Alembeni kuti ndi osatsimikizika, muwauze abwanawo, ndipo mupeze kope lija.

Membala wobisa dzina: Kopelo lili ndi iyeyo, ndipo mpaka pano sakuyankha. Mawa ndipita kwa mayi ake ku Monkey Bay.